Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Masiku asanu odikira komiti

M'gawo lapitalo ndinalekezera pomwe anandipatsa kalata yondiimitsa kaye ntchito. Makatoni 12 a katundu anali atasowa Lachisanu lina, ndipo wosunga makiyi ndinali ine. Anandipatsa masiku asanu kuti ndikaonekere kukomiti yosungitsa mwambo.

Masiku awiri oyamba ndinangowataya. Tulo sitinkabwera. Ndikagona, mumtima ndinkangokangana ndi abwana, kuwakumbutsa zaka zisanu ndi ziwiri zomwe ndinagwira popanda banga.

Tsiku lachitatu kunabwera alamu anga, omwe anakhalapo m'makomiti otere kuntchito kwawo. Atandimvetsera anati, "Alamu, tawerengani kalatayo mokweza." Ndinawerenga. Mlandu unali wolephera kusamala katundu. Mawu oti kuba munalibemo, anali m'mutu mwanga mokha.

"Ndiye mukukonzekera mlandu womwe sanakuzengeni," anatero.

Anandipatsa mapepala awiri. Pa loyamba ndinakhuthulapo zonse zakukhosi, ndipo tinagwirizana kuti limenelo litsala kunyumba. Pa lachiwiri ndinalemba zochitika zokhazokha ndi nthawi yake: ndinatsegula 7 koloko, galimoto yodzatula katundu inabwera 10 koloko, ndipo 1 koloko ndinasiyira mnzanga makiyi pothamangira kuchipatala ndi mwana. Pamenepa cholembera chinaima. Tsiku limenelo sindinasaine m'buku la makiyi. Ndinazindikira kuti pansi pa mkwiyo wonse uja panabisala mantha a kanthu kamodzi aka. Alamu anati ndikakavomere ndekha asanandifunse, chifukwa akandigwira ndikubisa chaching'ono sakandikhulupirira pa chachikulu. Nditangokalemba, pachifuwa panapepuka.

Kenaka anakhala tsidya lina la tebulo ngati wapampando, nkhope ili gwa. "Ngati simunatenge inu, anatenga ndani?" Ndisanaganize n'komwe, ndinatchula dzina la mnzanga uja. Anandidula pomwepo: umboni ndinalibe, ndipo munthu woloza chala popanda umboni amaoneka ngati akuthawa mlandu. Tinabwereza funsolo kasanu mpaka ndinatha kuyankha mawu osanjenjemera kuti, "Sindikudziwa. Chomwe ndikudziwa ndi nthawi imene makiyi anachoka m'manja mwanga."

Anandithandizanso kudziwa zizindikiro zanga. Mtima ukayamba kukwera, ine makutu amatentha ndipo ndimayamba ndi mawu oti "nthawi zonse inu". Zikatero ndiike manja patebulo, ndipume mozama katatu, ndiyang'ane pepala. Zikakanika, ndipemphe mphindi zisanu zokapuma panja. Kupempha kotero si kuvomera mlandu.

Tsiku lachinayi ndinalemba kalata yopempha kope la buku la makiyi, komanso kuti mnzanga wina wakuntchito adzakhale nane. Zonse ziwiri anavomera.

M'mawa wa tsiku lokaonekera kukomiti ndinafika kutatsala theka la ola. Manja anali thukuta lokhalokha, koma pepala lachiwiri lija linali m'thumba la malaya. Chitseko chitatseguka, mlembi anaitana dzina langa. Zomwe ndinakumana nazo mkatimo ndidzafotokoza m'gawo 10.