Mtengo wa ku Kariakoo ndi mtengo wofika pa Kawale

Shopu yathu ili pa Kawale ku Lilongwe, ndipo timagulitsa ziwiya za kukhitchini: mapoto, mafulasiki, maketulo ndi mbale zadothi. Tinayamba ine ndi bambo a kunyumba ndi mpamba wa ku banki mkhonde, tikuoda kwa amwenye m'tauni momwemuno. Phindu linali lochepa moti tinaganiza zokapikula komwe anzathu ankapikula, kumsika wa Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam.

Poyamba ndinkapita ndekha pa basi, kudzera ku Mzuzu, Chiweta ndi Karonga, kuoloka pa Songwe kulowa Kasumulu, kenaka ulendo wautali uja wodutsa ku Iringa ndi Morogoro. Ulendowo umadya ndalama komanso umatsekeretsa shopu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tinaona kuti ndalama ya basi ndi yogonera ikhoza kugula makatoni ena angapo. Tinagwirizana zoti tizioda pafoni kwa bambo wina wa holoselo amene ndinazolowerana naye. Bamboyo amalankhulako Chichewa chosakaniza ndi Chiswahili, chifukwa Amalawi amagula kwa iye tsiku ndi tsiku.

Nditamufunsa mtengo pa WhatsApp, anandipatsa mitengo iwiri. Woyamba unali wa katundu ali pashopu pake. Wachiwiri anati ndi wa "mpaka Lilongwe, zonse zolipiralipira", kutanthauza thiransipoti ndi msonkho wa pachipata. Katunduyo, titasintha mashilingi kupita ku makwacha, anali wa K1,000,000, ndipo mtengo wofika ku Lilongwe unali K1,250,000.

Bambo a kunyumba anakondwa nawo mtengowo. Ine ndinatenga kope n'kuyamba kuwerengera monga anandiphunzitsira ejenti amene ankandiombolera katundu pa Songwe. A MRA sawerengera msonkho pa mtengo wogulira wokha ayi. Amaphatikiza mtengo wa katundu, ndalama yomunyamulira kufika pachipata, ndi inshuwalansi ngati ilipo. Ndinaika thiransipoti yofika pa Songwe pa K100,000, ndiye zonse zinakwana K1,100,000. Ejenti anali atandiuza kale kuti ziwiya zathu zili m'gulu lolipira 25 peresenti, yomwe ndi K275,000. Pamwamba pake pamabwera VAT, imene nthawi imeneyo inali 16.5 peresenti, ndipo imawerengedwa pa mtengo wophatikiza ndi msonkho womwe uja. Pa K1,375,000 inakwana K226,875. Msonkho wokha unapitirira K500,000, tisanaike ya ejenti ndi ya lole yochoka pa Songwe kufika ku Lilongwe.

Tsono munthu amene wawonjezera K250,000 yokha, nati walipira lole ndi msonkho womwe, ndalama inayo waitenga kuti? Njira zake n'ziwiri basi. Mwina invoisi ikalembedwa mtengo wotsika kwambiri, kapena makatoni ena sakalembedwa n'komwe, angobisidwa pakati pa katundu wa anthu ena.

Ndinamuimbira foni. "Bwana, mtengo wachiwiriwu ndauona. Koma mapepala a kasitomu atuluka m'dzina la ndani?"

"Mama, musadandaule. Mwenye lole amadziwa zonse, inu mungolandira mzigo wanu."

Apa m'pamene pagona nkhani. Wa holoselo saombola katundu pachipata. Iye amapereka makatoni kwa mwini lole amene amasonkhanitsa katundu wa anthu ambiri, ndipo lonjezo lakuti msonkho walipidwa limachokera kwa mwini loleyo. Nthawi zambiri katundu yense amalembedwa pa chikalata chimodzi m'dzina la munthu mmodzi. Lole ikaimitsidwa pa rodibuloko n'kupezeka kuti zili m'kati sizikugwirizana ndi mapepala, amagwira yonse, ndipo iwe amene dzina lako silikuoneka paliponse ulibe ponenera kuti makatoni awa ndi ako. Ngakhale katundu atafika bwinobwino, ukhala naye m'shopu wopanda chosonyeza kuti analowa mwalamulo. Mayi wina wa pamzere wathu anadikira katundu wake mpaka nyengo ya Khirisimasi imene anamugulira inadutsa, chifukwa cha katoni za munthu wina amene sanamuonepo n'kamodzi komwe.

Ndinafunsanso za satifiketi ya SADC, chifukwa ena amanena kuti katundu wa ku Tanzania salipira msonkho. Zoona zake n'zakuti kuchotsera kumeneko kumakhudza katundu wopangidwa m'maiko a SADC, wokhala ndi satifiketi yosonyeza komwe anapangidwa. Mafulasiki ndi mbale zathu n'zochokera ku China, zangodutsira padoko la Dar es Salaam, ndiye sizilowa m'menemo. Ndipo ngakhale msonkho wolowera utachotsedwa, VAT imakhalabe. Njira yapafupi yoombolera katundu ya bungwe la zamalonda la COMESA imene anzathu a pa Mchinji amagwiritsa ntchito pogula ku Chipata nayonso siikhudza ife, popeza Tanzania inatuluka mu COMESA mu 2000.

Tinakana mtengo wachiwiriwo, n'kugawa ntchitoyo patatu. Kwa wa holoselo timalipira katundu yekha, ndipo amatipatsa invoisi yolemba mtundu uliwonse, kuchuluka kwake ndi mtengo weniweni umene talipira. Anayeserapo kundifunsa ngati ndikufuna invoisi ina yotsika yokaonetsa pachipata. Ndinati ayi. A kasitomu amaona mafulasiki tsiku lililonse ndipo amadziwa mitengo yake. Akaikayikira invoisi amaika mtengo wawo, katundu n'kuchedwa, mwina ndi chindapusa pamwamba. Ejenti wa pa Songwe timamulipira patokha, ndipo amalemba chikalata cha kasitomu chotchedwa Form 12 m'dzina la bizinesi yathu ndi TPIN yathu, yomwe ndi nambala yathu yolipirira msonkho. Amatitumizira chithunzi cha pepala losonyeza msonkho umene wawerengedwa tisanatumize ndalama, kenaka lisiti la MRA likatuluka amatitumiziranso.

Za lole ndiye zinatitengera nthawi kuti tipeze wodalirika. Eni malole salipiritsa potengera mtengo wa katundu koma kukula kwa katoni, ndiye mapoto amatipweteka chifukwa amadya malo, pokhapokha atalowetsedwa ang'ono m'kati mwa aakulu. Tisanapereke katundu timafuna kumva tsiku limene lole inyamuke, chifukwa "mawa" wa mwini lole amatanthauza tsiku limene idzadzaze. Katoni iliyonse imalembedwa dzina la shopu, nambala ya foni ndi nambala yake, monga 3 mwa 14, ndipo wa holoselo amajambula makatoniwo akukwezedwa pamodzi ndi nambala ya galimoto. Timalipira theka ponyamuka, theka linalo tikawerenga makatoni pamalo otsitsira ku Lilongwe. Pa nkhani ya zosweka tinakangana kwambiri. Mwini lole ankati mbale zadothi sangazivomereze, popeza msewu wa pa Chiweta aliyense amaudziwa. Tinagwirizana kuti katoni ikafika yophwanyika kapena yotsegulidwa, mlandu ndi wake, koma ikafika yabwinobwino n'kupezeka zosweka m'kati, timauza wa holoselo kuti sanalongedze bwino, ndipo amatichotsera pa oda yotsatira.

Oda ya K1,000,000 ija inafika pa Kawale itadya pafupifupi K1,750,000. Timagawa ndalama yowonjezerayo pa chinthu chilichonse tisanaike mtengo wogulitsira, ndipo n'kuwerengera kumeneku komwe kunatisiyitsa kuoda mapoto aakulu kwambiri, chifukwa a kuno amatuluka otchipa. Wa holoselo uja masiku ano akamatumiza mitengo amangolemba wa pashopu pake, n'kufunsa kuti, "Mama, lole ndi yomwe ija?"