Lachiwiri la khadi lotayika

Ndadzuka 5 koloko monga mwa masiku onse, koma pofika 5:40 ndinali ndidakali m'nyumba, nditagwada pansi kusuzumira kunsi kwa sofa. Khadi langa la Oyster, lolipirira basi ndi sitima mu London, silimaoneka. Ndapisa m'matumba a jekete, ndakhuthula chikwama chonse pabedi, ndayang'ana ngakhale m'thumba la yunifomu yomwe ndinachapa dzulo. Palibe. Munali £23.40, ndalama ya mayendedwe mpaka Lachisanu pomwe timalandira.

Phokoso langa ladzutsa azakhali, omwe ndimakhala nawo kuno ku Peckham. Atuluka atafunda chitenje pamwamba pa juzi, osafunsa zambiri, nkutsegula dirowa ya kukhitchini momwe mumakhala mabatire akutha ndi makiyi osadziwika khomo lake. Atulutsamo makhadi awiri abuluu, ofwifwa ndi ukalamba.

"Tenga limodzi, mwanawe. Ine ndinasiya kuwagwiritsa ntchito kalekale. Linalo linali la amalume ako asanabwerere ku Zomba."

"Muli ndalama, azakhali?"

"Ukaona konko."

Wina afunsa kuti bwanji osangogunditsa khadi la kubanki, popeza mabasi ndi sitima za mu London zimalola. Yankho ndi lakuti kukatsala masiku atatu kuti malipiro alowe, akaunti yanga siyoti nkuigunditsa pena paliponse. Nchifukwa chake ndimakonda Oyster: ndalama ya ulendo imakhala payokha, siisakanikirana ndi ya ndiwo. M'thumba ndinali ndi pepala la £10 lokha, ndipo mabasi a kuno anasiya kulandira ndalama pamanja mu 2014.

Ndakwera basi nambala 12 mtima uli m'mwamba. Nditagunditsa khadi pa kachozungulira kachikasu, makina alira mosiyana ndi masiku onse nkutulutsa kapepala. Dalaivala wangondikodola kuti ndidutse. Nditakhala pansi ndi pomwe ndamvetsa zomwe zachitika. M'khadimo munali 60p yokha, pomwe ulendo wa basi unali £1.75. Lamulo lake ndi lakuti ngati khadi silinalowe kale m'ngongole, ngakhale mutatsala ziro, amakulola ulendo umodzi wa basi kuti usagone panjira. Ndiye 60p kuchotsa £1.75, khadi latsala ndi ngongole ya £1.15, ndipo kapepala kaja kamandiuza kuti ndisakwerenso ndisanaikemo ndalama. Zili ngati kugolosale ya kwathu komwe amakupatsa shuga pangongole kamodzi kokha, mawa ukabwera chimanjamanja sakuyang'ananso.

Pa siteshoni ya Elephant & Castle ndinafunika kulowa sitima yapansi, ndipo kumeneko kulibe chifundo chotere. Geti limafuna kuti m'khadi mukhale ndalama yokwana mtengo wotsikitsitsa wa ulendo wochokera pasiteshoniyo, apo ayi silitseguka. Potuluka mpamene limatha kukulekerera kuti ulowe m'ngongole ngati wapita kutali kuposa ndalama yako. Sindinayese nkomwe, ndalunjika pamakina a matikiti. Ndagunditsa khadi, ndasankha kuwonjezera ndalama, ndalowetsa £10 yanga ija, kenako ndagunditsanso kachiwiri. Kugunditsa kwachiwiriku ndi komwe kumalowetsa ndalama m'khadi. Ndaonapo anthu achilendo akuponya ndalama nkuthamangira kugeti asanagunditsenso, geti nkuwakana, iwo nkumakalipira makina. Sikirini yaonetsa £8.85, kutanthauza kuti ngongole ija yadulidwa kaye pa £10.

Kuntchito kunalibe chachilendo. Agogo ena omwe ndimawasamalira akana phala, kenako adya mbale ziwiri.

Nthawi yopuma masana ndalowa mu akaunti yanga ya TfL, bungwe loyendetsa mabasi ndi sitima mu London, pafoni. Apa ndiye ndadziyamikira ndekha, chifukwa khadi lotayikalo ndinalilembetsa chaka chatha, tsiku lina nditasowa chochita. Mu akauntimo mumaoneka maulendo a masabata 8 apitawa. Womaliza unali wanga wa dzulo madzulo, ndipo £23.40 inali ikadalipo yonse, ndiye palibe amene walitola nkuyamba kuyendera. Khadi losalembetsa likatayika, zimakhala ngati wagwetsa ndalama yeniyeni mumsewu: wotola ndiye mwini, ndipo sungabwezeredwe kalikonse chifukwa palibe chosonyeza kuti linali lako. Lolembetsa umalitseketsa, ndalama nkusamutsira pa khadi lina.

Funso linali lakuti khadi linalo likhale liti. Ndafotokozera mnzanga wa ku Ghana yemwe timagwira naye shifiti, iye nkunena kuti ndingogula latsopano. Koma iye anabwera kale, nthawi yomwe £5 ya khadi inali dipoziti, yoti ukabweza khadi amakubwezera. Zimenezo zinatha. Makhadi otengedwa lisanafike tsiku la 23 Febuluwale 2020 ndi omwe ali ndi dipoziti yobwezedwa. Otengedwa kuyambira tsiku limenelo, £5 ija inkabwerera ngati ndalama yoyendera pakatha chaka. Kuyambira pa 4 Seputembala 2022 khadi latsopano linafika pa £7 yosabwezedwa konse, ndipo mtengowo unakweranso pambuyo pake. Ndiye kugula latsopano pomwe ndili ndi la azakhali m'manja kukanakhala kutaya ndalama dala. Ndawaimbira.

"Azakhali, khadi lija ndilitengeretu likhale langa?"

"Tenga. Koma linalo ukandiombolere ndalama yake, ndikagulire amalume ako sopo."

Ndalembetsa la azakhali mu akaunti yanga pogwiritsa ntchito manambala 12 a kuseri kwake, nkupempha kuti £23.40 isamukire kumeneko. Ndalama yotere siingogwera m'khadi uli khale pampando. Imadikira mpaka utagunditsa khadi poyamba ulendo, ngati mmene zimakhalira ukawonjezera ndalama pafoni: umadikira mphindi 30, kenako imalowa ukamakwera. Lotayika lija tsopano ndi pulasitiki chabe, ngakhale nditalipeza mawa m'thumba la buluku.

Madzulo ndadutsa kunyumba, ndatenga khadi la amalume nkubwerera kusiteshoni, azakhali ali pambuyo panga chifukwa amafuna aone ndi maso awo. Makina amabweza ndalama ngati yotsala m'khadi siikupitirira £10. Ikaposa pamenepo uyenera kupempha kudzera mu akaunti kapena kuimba foni. La amalume munali £3.20. Ndasankha zobweza ndalama, makina andichenjeza kuti khadilo lifa ndipo silidzagwiranso ntchito, ndavomera. Pansi pagwa makobili: £3.20 kuphatikizapo dipoziti ya £5, yonse £8.20. Azakhali awerenga kawiri, kenako amanga pakona ya mpango ngati ali pamsika wa Zomba.

Pobwerera andifunsa chifukwa chake sindinaombolenso linalo, popeza nalonso lili ndi £5 yawo. Ndawauza kuti kutenga £5 lero nkukagula khadi lodula kuposa pamenepo mawa si malonda. Iwo ati chabwino, koma ndidziwe kuti £5 imeneyo ndi yawo, ndipo tsiku lomwe ndidzaombole khadilo, kaya ndi liti, ndidzawatumizire.

Pali njira yoti khadi lizidziwonjezera lokha ndalama kuchokera kubanki likatsika pansi pa £20. Mnzanga uja amaikonda. Ine ayi, chifukwa ndi akaunti yangayi lingadzatenge ndalama tsiku lomwe lendi ikutuluka. Ndipitiriza kuika ndekha Lachisanu lililonse pa shopu ya pakona. Usiku uno khadi ndaliika m'kachikwama kakekake, kutali ndi la kubanki kuti makina asamasokonezeke posankha loti adule, ndipo ndakamangirira ku makiyi a nyumba ndi kachingwe komwe azakhali adula pa thumba la ufa.