Kapepala komwe aphunzitsi athu amalemberana akaonerana kalasi

Kabizinesi kathu ndi ka makalasi a masana kuno ku Rosettenville, mumzinda wa Joni, ana akaweruka kusukulu amabwera kwa ife kuyambira 2 koloko, timawathandiza homuweki komanso kubwereza masamu ndi Chingerezi motsata CAPS, silabasi ya boma la kuno. Tinayambira mu galaja ndi ana a Amalawi anzathu, pano tili ndi zipinda zitatu, aphunzitsi anayi, ndipo ana ena ndi a ku Zimbabwe, Mozambiki ndi Kongo. Kholo la ku Joni silinyengerera, likaona lipoti la temu silinasinthe limangochotsa mwana osatsanzika nkomwe, ndiye ine funso langa linali loti ndidziwa bwanji zomwe zikuchitika mkalasi pomwe ine ndili busy ndi malisiti ndi lendi. Ndalama yolembera munthu woyendera makalasi panalibe. Tinagwirizana kuti aphunzitsi azionerana okhaokha kamodzi pa temu, woonerera alembe chidule cha tsamba limodzi.

Mapepala oyamba anatuluka mitundu iwiri, yonse yopanda ntchito. Wina analemba kuti "phunziro linali bwino kwambiri, pitirizani madamu", basi, poti Amalawi timaopa kukhumudwitsana makamaka ngati woonereredwayo ndi wamkulu kapena munachokera boma limodzi. Winanso anadzaza tsamba ndi zolakwika, bolodi, nthawi, mawu otsika, mpaka choko, moti mwini kalasi anangoti zikomo nkulipinda pepalalo kuponya mchikwama. Kuchokera pamenepo tinaika lamulo loti zoyamikira zikhale ziwiri kapena zitatu, malangizo asapose awiri, ndipo chilichonse cholembedwa chikhale chinthu chomwe woonerera wachiona ndi maso kapena kuchimva, osati zomwe akuganiza za munthuyo.

Ndikupatseni chitsanzo cha kalasi ya Giredi 4. Madamu athu ena, omwe anaphunzitsapo zaka zambiri kupulayimale kumudzi, amaphunzitsa kuphatikiza mafulakishoni okhala ndi nambala yapansi yofanana, ana 14, mphindi 45. Wowaonerera anali mnyamata wathu wophunzitsa Giredi 6. Dzulo lake anakambirana kaye pang'ono, iye nkufunsa kuti "madamu, mukufuna ndikakuonereni chani?" Iwo anati ana amayankha bwino mkalasi koma akalemba okha amalakwa, sakumvetsa chifukwa chake. Funso limeneli ndi lomwe limapulumutsa zinthu, chifukwa malangizo akabwera amakhala akuyankha zomwe mwini wake anapempha.

Mnyamatayo anakhala kumbuyo ndi pepala, kumanzere akulemba nthawi, kumanja zomwe zachitika. Anajambulanso mipando nkumachonga mwana aliyense akayankha. Pomaliza zinaoneka kuti madamu anafunsa mafunso 17, ndipo 12 anayankhidwa ndi ana atatu omwewo a kutsogolo, otsalawo ndi aja oyankha kalasi yonse pamodzi mokuwa. Nthawi yolemba anazungulira kuona makope, anapeza ana 6 alemba kuti 1/4 + 2/4 = 3/8, aphatikiza zapamwamba nkuphatikizanso zapansi.

Mbali yoyamikira analemba chonchi: "Munapatsa mwana aliyense pepala kuti alipinde panayi nkupaka gawo limodzi, kenako awiri. Ana onse 14 anapinda, ngakhale awiri aja omwe Chingerezi chimawavuta, chifukwa amaona chomwe mukunena. Mwana wina atalakwa munamufunsa kuti wapeza bwanji musanamukonze, ndipo anazindikira yekha." Apa palibe mawu oti ndinu katswiri. Kuyamikira kotere kumamuuza mphunzitsi chomwe asasiye kuchita, ndipo zoti ana ovutika Chingerezi anatsatira ndi nkhani yaikulu kwa ife, poti Giredi 4 ndi pomwe ana ambiri amene anayamba sukulu mchiZulu kapena chiSotho amasinthira ku Chingerezi.

Malangizo ndi pomwe pamafunika mutu. Sanalembe kuti "muziphatikiza ana onse", mawu amenewo aliyense amawadziwa ndipo sathandiza Lolemba mmawa. Analemba kuti: "Mafunso 12 mwa 17 anayankha ndi ana atatu. Ana 6 omwe analemba 3/8 palibe amene anayankhapo payekha, ndiye mwina ndi chifukwa chake kalasi imamveka ngati yamva. Bwanji musanawauze kuti atsegule mabuku, mupereke funso limodzi, aliyense alembe yankho pa kapepala nkukweza mmwamba nthawi imodzi? Zitenga mphindi ziwiri. Mukaona 3/8, abwerere ku pepala lopinda lija awerenge kuti magawo alipo angati." Lachiwiri linali laling'ono, loti akafunsa funso aziwerenga chamumtima mpaka 3 kapena 5 asanaloze mwana. Izi si zopeka ife, Mary Budd Rowe anafufuza kale mzaka za mma 1970 nkupeza kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, ndipo akadikira masekondi atatu ana ambiri amayankha, mayankho akenso amatalika.

Mnyamatayo anaonanso zina, bolodi linadzadza mpaka kumapeto, phunziro linapitirira ndi mphindi 5. Anazisiya dala, ndipo ine ndinagwirizana naye. Munthu sangakonze zinthu zisanu sabata imodzi, komanso sizinali zomwe zikupangitsa ana kulemba 3/8.

Chinthu china chomwe tinachotsa ndi mawu oti "koma" pakati pa kuyamikira ndi malangizo. Mukangoti "munachita bwino koma", zonse zapambuyo zafufutika, munthu amangodikira chikwapu. Ndiye pa pepala lathu ndi mbali ziwiri zosiyana, iliyonse ndi kamutu kake. Sititsekanso ndi chiyamikiro chongokometsera kumapeto, anthu amachizindikira. Mmalo mwake pansi pali mizere itatu ya mwini kalasi, alembe yekha chomwe ayese ndi tsiku lomwe mnzake adzabwerenso. Madamu aja analemba kuti tipepala ayesa, koma zowerenga mpaka 5 anakana, akuti ana ake masana amakhala atatopa ndipo ukangokhala chete phokoso limayamba, ayesa 3. Zili bwino choncho, pepala lomwe munthu watsutsapo kanthu ndiye kuti waliwerenga.

Amakambirana pasanathe masiku awiri, phunziro likadali mmutu, ndipo woyamba kuyankhula ndi woonereredwa, anene yekha mmene anaonera. Pepala amapatsana pamanja, osati pa gulupu ya WhatsApp ya antchito. Ine monga mwini bizinesi ndimangoona mizere itatu yapansi ija, ndipo ndinalonjeza kuti sizikhudza malipiro kapena kontilakiti. Tsiku lomwe zidzakhudze, aliyense adzayamba kukonza phunziro lachionetsero, ana ophunzitsidwiratu mayankho, ndipo anzawo adzabwerera ku "pitirizani madamu" kuti asamudyetse mnzawo njala. Mumadziwira pomwepo kuti zaonongeka, mapepala onse akayamba kufanana ndipo mulibe nambala kapena mawu a mwana ngakhale amodzi.

Patatha masabata awiri mnyamata uja anabwereranso mphindi 15 zokha, kudzaona chinthu chimodzi chomwecho. Funso linali 2/6 + 3/6, tipepala titakwera mmwamba ana awiri anali atalemba 5/12, madamu anawaona pompo nkuwapatsa pepala lopinda pasanu ndi kamodzi ena akuyamba ntchito. Kudikira kuja kunali kusanakhazikike, amalozabe mwana msanga, ndiye anakulembanso ngati chokaona temu yamawa, pomwe madamuwo ndi amene akakhale kumbuyo mkalasi ya Giredi 6 ya mnyamatayo.