Tsamba limodzi pa chithunzi silokwanira: zomwe bonongwe ndi mnadzi zandiphunzitsa

Kwa milungu ingapo ndakhala ndikudziphunzitsa kuzindikira masamba pa zithunzi. Ndinasonkhanitsa zithunzi za bonongwe, mnadzi ndi zomera zina zofanana nazo, n'kumabisa mayina ake, kenako n'kumayesa kutchula chilichonse ndisanaone yankho. Poyamba ndinkadzithemba. Bonongwe ndimamudziwa kuyambira ndili mwana, ndiye angandisokoneze bwanji? Chithunzi chimodzi chinandichotsa matama onsewo.

Chinali chithunzi cha chomera chaching'ono chofika m'kakolo, chojambulidwa kuchokera pamwamba dzuwa lili paliwombo. Masamba ake anali otambalala kumunsi, osongoka kunsonga, osalala m'mphepete, obiriwira bwino. Panalibe duwa, panalibe chipatso. Sindinachedwe, ndinalemba kuti bonongwe. Yankho linali mnadzi. Ndinakhala kanthawi ndikuchiyang'anitsitsa, ndipo chimene chinandinyansa n'chakuti ngakhale nditadziwa yankho, sindinathe kunena msanga pomwe ndinaphonya.

Vuto n'lakuti m'munda sitizindikira chomera ndi maso okha. Timachigwira, timatembenuza tsamba, timalifikisa n'kununkhiza, timaona msinkhu wake poyerekeza ndi zinzake. Chithunzi chimatilanda zonsezi n'kutisiyira kaumbidwe ka tsamba ndi mtundu wake basi, ndipo zinthu ziwirizi ndi zomwe zimanama kwambiri. Masamba a bonongwe ndi a mnadzi onse amatuluka limodzilimodzi mosinthana mbali pa tsinde, onse ali ndi kaphesi kowalumikiza ku tsinde, onse amatha kuoneka ngati dzira losongoka. Ambiri timati mnadzi umadziwika ndi m'mphepete mopindikapindika kapena mwa timano tobuntha. N'zoona kawirikawiri, koma mnadzi wina umakhala wosalala m'mphepete ngati bonongwe yemwe. Choncho mukaona timano, dziwani kuti si bonongwe. Mukapanda kutiona, simunadziwebe kanthu. Apa mpamene ndinagwera.

Nditakuza chithunzicho pa foni ndinaona chomwe ndinachidumpha. Pamene tsamba limathera ndi kuyamba kaphesi, mnofu wa tsamba sunathere pomwepo. Unkatsetsereka m'mbali zonse ziwiri za kaphesiko ngati timapiko topyapyala, n'kumachepa pang'onopang'ono kulowera ku tsinde. Mnadzi umatero. Kaphesi ka bonongwe kamakhala katali, nthawi zina kofanana kutalika ndi tsamba lenilenilo, ndipo mbali yaikulu kamakhala kopanda mapiko, moti umaona bwino pomwe tsamba lathera.

Chachiwiri chinali mitsempha. Ya bonongwe imakhala yambiri, yondondozana bwino ngati nthiti, yolowa m'kati ukaiona pamwamba, ndipo ukatembenuza tsamba imatukuka moonekeratu, yotuwirako. Ya mnadzi imakhala yotalikirana, ndipo tsamba limaoneka lofewa, lobiriwira mozimiririka. Koma chizindikirochi chimadalira kuwala. Dzuwa la masana limafafaniza mithunzi ya mitsempha, tsamba n'kuoneka ngati lositidwa. Chithunzi chojambulidwa m'mawa kapena kuli mitambo chimaonetsa zambiri.

Palinso nsonga. Masamba ambiri a bonongwe, makamaka akali anthete, amakhala ndi kamphako kakang'ono kunsonga kwenikweni, ngati wina watsinapo ndi chikhadabo, ndipo nthawi zina pakati pa kamphakoko pamakhala kaubweya kamodzi kolimba. Mnadzi ulibe zimenezi, nsonga yake imangothera posongoka. Pa chithunzi changa chija panalibe tsamba ngakhale limodzi lotsinidwa.

Za mtundu ndasiya kuzikhulupirira. Ndinkaganiza kuti kufiira pa tsinde kapena kunsi kwa tsamba ndi chidindo cha bonongwe. Koma alipo bonongwe wobiriwira yekhayekha, ndipo mbande za mitundu ina ya mnadzi zimakhala zofiirira kunsi kwa masamba. Kamera nayo imasintha mitundu mmene yafunira. Tizibowo ting'onoting'ono ta pamasamba, tobooledwa ndi tizirombo todumpha ngati utitiri, timapezeka kwambiri pa mnadzi, koma bonongwe nayenso amabooledwa, ndiye ndimangotitenga ngati mphekesera.

Chomera chikayamba maluwa, mlandu umatha. Bonongwe alibe duwa loti munthu n'kuliloza ndi chala. Timaluwa take n'tating'ono kwambiri, topanda timasamba towala, tothinana m'ngala kunsonga kwa tsinde ndi m'timagulu m'mphanda za masamba, ndipo m'menemo mumatuluka tinjere tonyezimira ta pafupifupi milimita imodzi. Sabala zipatso za madzi, ngakhale pang'ono. Mnadzi uli ndi timaluwa toyera ngati nyenyezi ya nsonga zisanu, pakati pali kachulu kachikasu, ndendende duwa la tomato kapena la mbatatesi lochepetsedwa, pakuti ndi a banja limodzi. Chomwe chinandisangalatsa kwambiri ndi malo omwe kaphesi ka maluwawo kamatulukira. Sikatuluka m'mphanda ya tsamba monga tinazolowera pa zomera zambiri, koma pa tsinde penipeni, pakati pa mfundo ziwiri. Ngakhale maluwa asanatseguke, mukaona kaphava ka timphukira kakulendewera pa tsinde patali ndi tsamba, ameneyo si bonongwe. Nditabwerera kachitatu ku chithunzi chija, kaphava kotere kanalipo, kobisala theka kunsi kwa tsamba lachinayi, kakang'ono ngati mitu ya machesi itatu.

Tsopano za mbali zofuna kusamala, chifukwa n'zomwe zinandiyambitsa phunziroli.

Pa mnadzi, choopsa kwambiri ndi zipatso zosapsa, zija zobiriwira. Zili ndi solanini ndi poizoni wina wa mtundu womwewo, wofanana ndi uja amapezeka m'mbatatesi zomwe zabiriwira kapena kuphukira. Amayambitsa kupweteka m'mimba, kusanza ndi kutsekula, ndipo ana ndi amene ali pa chiopsezo chachikulu chifukwa matupi awo ndi ochepa komanso tizipatso timawakopa. Chipatso chikamapsa n'kuda, poizoniyo amachepa kwambiri. Masamba nawo ali nayeko, ndipo kuchuluka kwake kumasiyana malinga ndi mtundu, msinkhu wa chomera ndi momwe chakulira. N'chifukwa chake kumene anthu amadya masambawa amathyola anthete, amachotsa tizipatso tonse, amawawiritsa, ndipo akakhala owawa amataya madzi oyamba. Dzina lomwe mungalembe pofufuza zithunzi ndi Solanum nigrum, lomwe katswiri wa zomera Linnaeus analipereka mu 1753, koma dzinali anthu amaliika pa mitundu ingapo yapachibale. Ina zipatso zake zikapsa zimada monyezimira, ina mozimiririka, ina zimakhala zofiira kapena zachikasu. Pa chithunzi cha masamba okha simungathe kuilekanitsa.

Pali chisokonezo china chomwe chimabwera ndi mayina a Chingerezi, pakuti dzina loti nightshade limatchulidwa pa mnadzi ndi pa zomera zinanso. Ukamafufuza za mnadzi, pamatulukanso zithunzi za Atropa belladonna, chomera cha ku Ulaya, kumadzulo kwa Asiya ndi kumpoto kwa Afirika, chomwe chimapha ndithu. Kusiyana kwake kumaoneka bwino pa chithunzi. Zipatso za mnadzi zimabwera m'phava, kawirikawiri chilichonse chosafika sentimita imodzi, ndi kachipewa kakang'ono kumbuyo. Atropa belladonna amabala chipatso chimodzichimodzi, chachikulupo, chonyezimira, chokhala pa chipewa chachikulu cha nsonga zisanu chotulukira m'mbali, ndipo duwa lake lili ngati belu lofiirira.

Koma chomwe ndimachiopa kuposa zonse ndi Datura, chifukwa chimamera m'minda ndi m'malo a manyowa momwe bonongwe amakondanso. Chikakula sichisokoneza munthu: duwa lalitali ngati lipenga, chipatso chaminga, masamba aakulu a mano akuluakulu osalingana. Chikali mbande, masamba ake oyamba amakhala asanatuluke mano bwino, ndipo pakati pa bonongwe wothinana chimangolowerera. M'munda fungo lake loipa limachiulula ukangofikisa tsamba, koma chithunzi sichinunkha. Mbali zake zonse zili ndi poizoni, njere ndiye kwambiri, ndipo kuphika sikumuthetsa. Zizindikiro zake n'zosiyana ndi za mnadzi: kukamwa kumauma, mwana wa diso amakula, mtima umathamanga, munthu amabwebweta ndi kuona zinthu zomwe palibe. Zikatere palibe zodikira kuti tione mawa, ndi kuchipatala basi, mutatenga chotsala cha masambawo. Apa ndinaphunzira kuti pa chithunzi cha mulu wa masamba othyola kale, kuzindikira tsamba limodzi sikutsimikizira za anzake onse a mu muluwo.

Bonongwe naye ali ndi zake, ngakhale si za poizoni wa mtundu umenewu. Masamba ake ali ndi okizaleti, mchere womwe umathandizira kupanga timiyala mu impso, choncho amene anadwalapo timiyala ayenera kuchepetsa. Kuwiritsa n'kutaya madzi kumachotsako gawo lina. Amasunganso naitireti wambiri, mchere wochokera m'nthaka, akamera pa nthaka yodzaza manyowa kapena feteleza, makamaka kukachita ng'amba, ndipo ng'ombe zikadya wochuluka wotere zimatha kudwala kapena kufa. Izi sizioneka pa tsamba. Chomwe chingakuuzeni ndi zomwe zili kumbuyo kwa chomera pa chithunzicho: khola, dzala, ngalande ya madzi oipa. Mtundu waminga uja, Amaranthus spinosus, uli ndi minga ziwiri pamfundo, pomwe kaphesi ka tsamba kamakumana ndi tsinde, ndipo ukaujambula kuchokera pamwamba mingazo zimabisika zonse.

Luni ndi chisoso sindinataye nazo nthawi. Tsamba la luni limagawika ngati zala za dzanja, la chisoso limagawika patatu kapena pasanu ndipo masamba ake amatuluka awiriawiri moyang'anizana. Mwamuna aligone nayenso masamba ake ndi oyang'anizana, ndipo izi zokha zimamuchotsa pa mpikisano, popeza bonongwe satero. Ndingochenjeza kuti pa mnadzi nthawi zina masamba awiri, lalikulu ndi laling'ono, amaoneka ngati atulukira pamodzi, koma amakhala chakumbali imodzi, osati moyang'anizana.

Masiku ano munthu akanditumizira chithunzi chimodzi chojambula pamwamba n'kufunsa ngati ali masamba odya, sinditchula dzina. Ndimapempha zithunzi zina zitatu: cha m'mbali choonetsa tsinde ndi mfundo zosachepera ziwiri, cha kunsi kwa tsamba, ndi cha kunsonga kwa chomera komwe maluwa amayambira, chala chili pambali kuti ndione kukula kwake. Ngati chomeracho chikali ndi masamba anayi kapena asanu okha, ndimamuuza kuti achisiye milungu iwiri, adzajambulenso chikatulutsa timphukira.