Tsiku limodzi la tenti ndi maola 24, osati tsiku la phwando

Abale anzanga, dipoziti yanga inapita ndikuona ndi maso angawa. Ndinahayala tenti, mipando 100 ya pulasitiki, masipika awiri, ampu ndi maiki za phwando la Loweruka, ndiye poti ndine munthu wochenjera ndinakatenga katundu Lachisanu 3 koloko masana kuti tikonzeretu. Ndinalipira tsiku limodzi kuphatikiza dipoziti yofanana ndi mtengo wa masiku awiri, mwini wake nkunena kuti ndalama imeneyi ndi yanu bwana, ibwerera katundu akabwera bwinobwino. Ndinasaina pepala ndikumwetulira.

Koma papepalapo panalembedwa kuti tsiku limayamba pomwe katundu watuluka pageti pawo. Ndiye kuti Loweruka 3 koloko, alendo akungoyamba kumene kuvina, ine tsiku langa linali litatha kale. Ndipo tsiku lililonse lochedwa amatchaja mtengo wonse wa tsiku kuonjezerapo theka lake, chifukwa akuti pali kasitomala wina amene wabwezedwa podikira mipando yomweyo.

Usiku mvula inagwa. Tenti yonyowa siipindidwa, imachita chuku ndi kununkha, ndipo ameneyonso ndi mlandu wa dipoziti, ndiye Lamulungu lonse ndinakhala ndikuyanika tenti ngati ndachapa bulangete la njovu, nkukabweza Lolemba mmawa. Ine mmutu mwanga ndimati ndachita zaulemu. Iwo anangotulutsa kakyuleta: masiku awiri ochedwa, lililonse tsiku ndi theka, onse pamodzi mtengo wa masiku atatu. Dipoziti ya masiku awiri ija inathera pompo tisanayambe nkuwerenga komwe mipando.

Mipando inakwana 100 ndithu, ndinapumira mmwamba. Mnyamata wawo nkuyamba kuitembenuza umodziumodzi, kumbuyo kwake kuli chizindikiro chawo cha penti. Iwiri inalibe chizindikiro, inali ya aneba, anyamata anangoisakaniza kuti nambala ikwane. Mpando wina mwendo unali wongobayikamo, atangoukhalira anapezeka pansi.

Kenako masipika. Analumikiza, nkuika nyimbo, imodzi ikulira bwino inayo ikungoti bububu, mawu opyapyala aja kulibe. Akuti twita, kasipika kakang'ono kotulutsa mawu opyapyalawo, yapsa. Anandifunsa ngati kagetsi kofiira kolembedwa CLIP pa ampu kamayaka. Kamayaka inde, usiku wonse, amalume ankati ndi disiko laiti ndipo ankaonjezera voliyumu kuti kazingoyakabe. Mwini wake anandiyang'ana nthawi yaitali nkundiuza kuti kagetsiko kakamayaka ndiye kuti ampu yadutsa mphamvu zake, ikutumiza phokoso losweka lomwe limawotcha twita, ndiye umayenera kutsitsa msanga.

Ndinapita kukalandira ndalama, ndinabwerako nditasiya zina ndi ngongole pamwamba, mipando iwiri ya aneba ili pamutu. Nditafika aneba aja anaiwerenga, anaitembenuza, kenako nkundifunsa mwaulemu ndithu kuti achimwene, paja munaitenga liti?