Karauta ka kusitolo kanaimitsa ofesi ya malipiro

Sabata ino ku esiteti ya tiyi yomwe ndimayang'anira netiweki yake kuno ku Thyolo, Lolemba ndi Lachiwiri zinali zathu zomwe zija: pirinta yakana, makoswe adya kebulo yakusikelo, wina waiwala pasiwedi. Lachitatu ndi lomwe linandikwiyitsa.

Magetsi anathima m'mawa. Jenereta italira, makompyuta ena a ku ofesi ya malipiro anadzuka bwinobwino, ena osaiona seva n'komwe, pomwe mawa lake anthu othyola tiyi amayenera kulandira. Vuto likamasankha makompyuta chonchi, mzere umodzi, siwichi imodzi, ine ndimayamba ndi `ipconfig /all`. Athu amalandira adiresi ya 10.20.10.x. Odwalawo anali ndi 192.168.0.x, ndipo mzere wa `DHCP Server` ukuonetsa 192.168.0.1. Seva yathu yogawa maadiresi si imeneyo.

Kompyuta ikamapempha adiresi imafuulira netiweki yonse, ndipo nthawi zambiri imatenga yankho lomwe lafika msanga, osafunsa kuti woyankhayo ndi ndani. Ikalandira adiresi imalandiranso geti ndi DNS. Apa inali ngozi chabe, koma munthu wa zolinga zoipa atha kudziika yekha ngati geti, zonse zotuluka m'makompyuta a malipiro n'kumadutsa pa iyeyo wina osadziwa.

Pa kompyuta imodzi yodwala ndinachita `ping` ku 192.168.0.1, `arp -a` n'kundipatsa MAC yake, kenako pa siwichi `show mac address-table address` inandilozera poti 14, yopita kusitolo. Nditafika ndinakapeza kuseri kwa matumba a feteleza, karauta kakunyumba, kebulo yathu italowa pa bowo la LAN m'malo mwa WAN.

“Akulu, ine ndimangofuna wayifayi ya pafoni, kuno netiweki imavuta,” anatero bambo wosunga sitoloyo.

“Palibe mlandu bambo, koma tikazule kaye,” ndinawayankha. Iwowo sindinawakwiyire. Mkwiyo wanga uli pa mabwana omwe chaka chatha anandikaniza kukhudza masiwichi, amvekere chinthu chikuyenda osachigwira.

Madzulo omwewo chilolezo chinapezeka msangamsanga. Siwichi ya kuofesi ndi ya Cisco, ndipo ndinalemba izi zoyatsa DHCP snooping, yomwe imatchinga maseva abodza ogawa maadiresi:

```
ip dhcp snooping
ip dhcp snooping vlan 10
no ip dhcp snooping information option
interface Gi1/0/24
 ip dhcp snooping trust
interface range Gi1/0/1 - 23
 ip dhcp snooping limit rate 15
```

Mukangoyatsa zimenezi, poti iliyonse pa VLAN 10, gawo la netiweki lomwe lili mu lamulolo, imakhala yosadalirika. Pa poti yotere siwichi imalola mapempho a kompyuta, koma mauthenga a seva monga OFFER, ACK ndi NAK imawataya. Ndiye `trust` muyiike pokhapo pomwe mayankho a seva yeniyeni amalowera, kwa ife poti 24 yochokera ku siwichi yaikulu. Mukaiwala, mwatsekera seva yanu yomwe, ndipo simudziwa pompo: makompyuta amayendabe ndi maadiresi akale mpaka nthawi yake itatha, kenako mumayamba kuona 169.254.x.x, adiresi yomwe kompyuta imadzipatsa yokha ikasowa seva. Enanso amaika `trust` pa kebulo iliyonse yolumikiza masiwichi. Ayi, yotsikira kumunsi komwe kulibe seva isiyeni yosadalirika, apo ayi karauta kobisala kumeneko kadutsa momasuka.

Mzere wachitatuwo umagwetsa ambiri. Siwichi ya Cisco mwachibadwa imaphatikiza `option 82` pa pempho la kompyuta, malo a `giaddr` ali 0.0.0.0, ndipo chipangizo cha Cisco chakumtunda chimatha kulitaya pempho lotere. Munthu umaona kuti `trust` ili pamalo pake koma adiresi osabwera. Ife `option 82` sitiigwiritsa ntchito, choncho ndinangoizimitsa. Malire a 15 aja ndi mauthenga pa sekondi, oletsa wina kumaliza maadiresi onse ndi mapempho abodza. Poti ikapyola malirewo imatsekedwa n'kuonetsa `err-disabled`, ndiye pa poti yomwe kuseri kwake kuli makompyuta ambiri muzikweza nambalayo.

Poyesa ndinabwereka karauta komweko n'kukalumikiza pa poti 9. Pa laputopu `ipconfig /release` ndi `ipconfig /renew` zinabweretsa 10.20.10.x, ndipo `show ip dhcp snooping binding` inaonetsa MAC, adiresi ndi poti yake. Lachinayi anthu analandira ndalama zawo.

Chomwe chikundidyabe ndi kusitolo. Kumapeto kwa poti 14 kuli kasiwichi kotchipa ka mabowo 8, kopanda polembapo lamulo lililonse. Rauta ikalowanso pamenepo, ofesi ya malipiro ili yotetezeka, koma makompyuta a kusitolo ndi kusikelo adzalandira maadiresi abodza, chifukwa mayankhowo amawafikira osadutsa pa siwichi yathu. Lachisanu ndinalembanso pempho la siwichi yeniyeni ya kumeneko, ndipo a zachuma anati ndidikire bajeti ya chaka chamawa.