Masiku awiri a dzuwa tinawagonera, tsiku lokwera phiri n'kudzuka ndi mvumbi

Tabwerako dzana, nsapato zikadali pakhonde kudikira dzuwa. Ndikulemba mkwiyo usanathe chifukwa ndikadikira ndiyamba kunena kuti zonse zinayenda bwino, pomwe Lolemba lathunthu linapita padera pamodzi ndi ndalama zomwe ndinasunga miyezi itatu.

Tinali anthu anayi, ine, mayi a kunyumba ndi ana athu awiri, wina wa zaka 14 wina 10. Tinali ndi masiku asanu ndi awiri, kufika Lachisanu, kunyamuka Lachinayi. Chomwe tinapitira chinali chimodzi, kukwera phiri mpaka pamwamba. Zina zonse, za bwato panyanja, za mathithi, zoyenda m'nkhalango, zinali zongowonjezera. Ndiye taonani mmene ndinakonzera. Loweruka tipume chifukwa tatopa ndi ulendo. Lamulungu tiyende pang'ono m'nkhalango kuti miyendo izolowere. Lolemba phiri, Lachiwiri bwato, Lachitatu mathithi. Tsiku lililonse linali ndi chake, ndipo papepala zinkaoneka zanzeru. Loweruka ndi Lamulungu kunacha kopanda ngakhale kamtambo, ife tili gone pamthunzi.

Zosungitsa pogona ndi zolongedza sindikambapo, aliyense amadziwa. Nkhani yanga ili pa ofesi ya operekeza alendo kuphiri. Ndinalipira ndalama zonse kudakali mwezi umodzi, tsiku n'kulilemba kuti Lolemba 6 koloko m'mawa. Pansi pa lisiti panali timawu ting'onoting'ono toti wofuna kusintha tsiku anene kudakali maola 48. Ndinatiwerenga, koma sindinawerengetsere. Maola 48 kubwerera m'mbuyo kuchokera Lolemba 6 koloko ndi Loweruka 6 koloko m'mawa, nthawi imene ine ndinali m'bulangete. Zanyengo ndinaziyang'ana Loweruka 7 koloko madzulo, kutatsala maola 35, ndipo zinkaonetsa mvula tsiku lonse Lolemba. Ndinaimba foni, sanayankhe. Lamulungu ofesi satsegula.

Lolemba ndinapitako nditanyowa kale. Mayi wa pa ofesiyo anandilandira mwaulemu ndithu, ndipo ulemuwo ndi umene unandipsetsa mtima kwambiri.

"Pepani bambo, ife sitinalepheretse ulendo. Woperekeza wanu uyo wakhala apoyo, akudikira inu."

"Mayi, mukufuna ndikwere ndi mwana wa zaka 10 pamiyala yoterera, nkhungu ili chonchi?"

"Ayi bambo, sindikunena kuti mukwere. Ndikungoti mukasiya inu, ndalama sizibwezedwa. Tikaletsa ife ndiye timabweza."

Ndiye iwo amaletsa liti? Kukakhala ziphaliwali kapena mphepo yamkuntho. Mvula yokha, ngakhale igwe kuyambira m'mawa mpaka usiku, kwa iwo si chifukwa. Woperekeza uja anandinong'oneza panja kuti iyenso sakanakonda kukwera tsiku limenelo, koma wonena kuti ulendo walephereka si iye. Ndinaima pa kauntala ija pafupifupi ola, ndipo chomwe ndinapata ndi chakuti ndikafuna tsiku lina ndiwonjezere theka la mtengo. Ndinalipira, nanga ndikanatani? Tinabwerera phirilo.

Chomwe chikundiwawa mpaka lero n'chakuti zolosera zanyengo zimayamba kudalirika kukatsala masiku awiri kapena atatu, nthawi yomweyo imene khomo losinthira tsiku likutsekedwa. Za masiku khumi zomwe foni imaonetsa zija n'zongoyerekeza, zimasintha m'mawa uliwonse. Choncho musanalipire chilichonse chochitikira panja, funsani kuti tsiku lomaliza kusintha ndi liti komanso ola lanji, ndipo ngati ofesi imatseka tsiku lina pakati pake, chotseranitu tsikulo. Funsaninso kuti mvula ikagwa woletsa ndi ndani. Akuyankheni polemba, ngakhale pa uthenga wa pafoni. Mukatero tcherani alamu kudakali maola 72 kuti muone zanyengo khomo likadali lotsegula.

Ndinali nayo njira ina ya tsiku la mvula, musaganize kuti ndinalibe. Pansi pa pepala langa ndinalemba kuti kukagwa mvula tipita ku myuziyamu. Tinayenda pagalimoto mphindi 40 n'kukapeza geti lokhoma. Nyumba zambiri zoterezi m'maiko ambiri zimapuma Lolemba, ine osadziwa. Mvula ikakuona litsiro sikata. Tinabwerera kuchipinda, ana n'kumalimbirana foni imodzi, mayi awo osandilankhula mpaka madzulo. Malo amene simunafufuze masiku ndi maola ake otsegulira musamawawerengere ngati pothawira.

Usiku umenewo ndinang'amba pepala lija n'kuyamba lina, ndipo ili ndi limene linapulumutsa masiku otsalawo. Sindinalembenso masiku. Ndinagawa pepala patatu. Mbali yoyamba ndinaikamo zofuna kunja kouma, phiri ndi bwato. Bwato ndinalilemba padera pang'ono chifukwa mdani wake wamkulu ndi mphepo, kukhoza kuwala dzuwa koma mafunde osalola. Mbali yachiwiri zomwe zimatheka ngakhale kukuwaza, monga njira ya m'nkhalango yothiridwa miyala, imene mitengo imakutchingira, ndi kuyenda m'mbali mwa nyanja mutavala majekete a mvula. Mbali yachitatu za pansi pa denga, myuziyamu ija, malo ena oumba mbiya omwe amalola ana kugwira dongo, ndi dziwe losambira la m'nyumba. Pa chilichonse ndinalemba maola omwe chimatenga, mtunda wake kuchokera pogona, masiku otseka ndi nambala yoimbira. Madzulo aliwonse 8 koloko tinkaona zanyengo n'kusankha za mawa lokha.

Kawerengedwe ka zanyengo kenikeniko ndinkakalakwitsanso. Ndikaona 60 peresenti ndinkati tsiku lafa. Nambala imeneyo imangonena mwayi woti mvula igwe pamalopo, sinena kuti igwa yochuluka bwanji kapena kwa nthawi yaitali bwanji. Tsegulani za ola ndi ola muone mamilimita. Yosakwana mamilimita awiri ndi theka pa ola ndi yowaza, mutha kuyenda. Ikapitirira 7 kapena 8 pa ola ndi yamphamvu, khalani m'nyumba. Lachiwiri foni inkati 70 peresenti, koma nditatsegula maola ndinaona kuti yonse inali pakati pa 6 ndi 11 koloko m'mawa. Tinapita koumba mbiya m'mawa, masana n'kulowa m'nkhalango. Kale ndikanataya tsiku lonselo. Kuyambira pamenepo tsiku ndimaliona ngati zigawo ziwiri, m'mawa ndi masana, chilichonse ndi zake.

Ndaiwala za mathithi. Masana a Lachiwiri omwewo, dzuwa litatuluka, mwana wamkulu anati tipite ku mathithi poti mvula yakata. Njira yake imawoloka kamtsinje podumpha pamiyala. Titafika tinapeza madzi ali ofiira, akunyamula timitengo, miyala yodumphapo yamira. Mvula yogwa kumtunda imafika kumunsi patapita maola, ndiye mtsinje ukhoza kumadzaza kumwamba kuli mbee. Madzi akasintha mtundu, kapena akafika m'mawondo ali othamanga, bwererani. Mathithi ndinali nditawaika mbali yachiwiri poganiza kuti ukanyowa ndi mathithi kapena ndi mvula n'chimodzimodzi. Ndinawasamutsira mbali yoyamba, n'kulemba pambali pake kuti pafunika tsiku lathunthu louma lidutse kaye. Sitinawaone mpaka kubwerera, ndipo sindikudandaula.

Phiri tinakwera Lachitatu, tsiku lomaliza lenileni, mtima uli m'mwamba chifukwa likanalephereka panalibenso lina. Apa ndiye mfundo yomwe ndikanakonda wina akanandiuza kale. Chinthu chimene mwapitira chiikeni pa tsiku loyamba labwino, ngakhale mwatopa, ndipo kumapeto siyani tsiku limodzi lopanda kanthu loti chikalephereka chigwerepo. Kupuma kumatheka mvula ikugwa. Ine ndinapuma padzuwa.

Njira inali makilomita 10 kupita ndi kubwera, kukwera mamita 900. Oyenda m'mapiri amawerengera ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, kuwonjezera ola lina pa mamita 600 aliwonse okwera, ndiye zinkapereka maola atatu ndi theka. Kumeneko n'kwa munthu wamkulu wamphamvu pa nthaka youma, osapuma. Ndi ana komanso matope a mvula ya masiku awiri, ndinawerengera maola asanu ndi theka. Zanyengo zinkaonetsa mabingu kuyambira 1 koloko masana, choncho tinagwirizana ndi woperekeza tisananyamuke kuti 10 koloko ikakwana titembenuka pomwe tafikapo, kaya nsonga ikuoneka pafupi bwanji. Nthawi yotembenukira mugwirizane muli pansi, chifukwa mukakhala pamwamba aliyense amati tatsala pang'ono. Tinafika pansonga 9:40. Kunali kozizira moti wamng'ono anayamba kunjenjemera, paja mamita 1,000 aliwonse okwera kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndiye kuphatikiza thukuta ndi mphepo. Mwayi majuzi anali m'chikwama, atakulungidwa m'pulasitiki.

Tikutsika, cha m'ma 11:30, kunang'anima kumadzulo, mabingu atafulumira ndi ola ndi theka. Woperekeza anayamba kuwerenga mokweza ndipo bingu linamveka atafika pa 36. Phokoso limayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu, ndiye mphezi inali pa makilomita 12. Anatiuza kuti ikatsika pa masekondi 30 tikhale titachoka pamtunda poonekera ndi pansi pa mitengo yoima payokha, ndipo tikabisala tidikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Tinalowa m'galimoto madontho oyamba akugwa. Tikanati tiumirire kukhala pansonga kujambula zithunzi mpaka 11 koloko, ikanatipeza pamiyala.

Bwato sitinakwere. Limenelo ndinali ndisanalipire, mwini wake anati tingomuimbira madzulo ngati mawa kuli bwino, choncho silinatidyere kanthu. Ndiye mukasankha pakati pa malo otchipa osabweza ndalama ndi ena okwererapo pang'ono olola kusintha kudakali maola 24, werengerani bwino. Ine ndinathawa kamtengo kowonjezera kameneko, mapeto ake phiri limodzi ndinalilipira kamodzi ndi theka. Funsani ola lomaliza kusintha tsiku, akulembereni, ndipo muone ngati ofesiyo imatsegula Lamulungu. Lisiti lija ndalimata mkati mwa chivundikiro cha sutikesi, timawu ta maola 48 nditatizunguliza ndi cholembera chofiira.